Kulumikiza mapaipi a kopa ndi solida kuti joini isadonthe

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi, awiri kutchalitchi ku Highfield, mmodzi ku Mabvuku muno mu Harare, wina pafoni usiku madzi ali mbwee m'khitchini: "Achimwene, ndawotcha bwinobwino, solida ndapaka wambiri, nanga bwanji ikudonthabe?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zimene ndimawayankha, kuti wofunsa wina ndizingomutumizira.

Yankho lalifupi ndi ili. Solida amene mukumuona kunja kwa joini sagwira madzi. Amene amagwira madzi ndi amene walowa mkati, m'kampata kapakati pa paipi ndi fiting'i, kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi. Solida akasungunuka amakokedwa yekha kulowa m'kampatako, monga mmene palafini amakwerera m'chingwe cha nyali, ndipo amakwera ngakhale joini itayang'ana pansi. Koma amalowa pokhapokha ngati kopa ali woyera, wouma, ndiponso wotentha mokwanira kuzungulira konse. Joini iliyonse yodontha imene ndinaimasulapo inali italakwika pa chimodzi mwa zitatuzi.

Mawu atatu tisanayambe. Fiting'i ndi kachidutswa kolumikizira: soketi yolumikiza mowongoka, elibo yokhota, ndi tii ya nthambi zitatu. Fulakisi ndi mankhwala onga girisi amene timapaka pa kopa tisanawotche. Solida ndi waya wofewa uja amene kumudzi timangoti mtovu, ndipo dzina limeneli lasokoneza ambiri, monga muonere pa sitepe yoyamba.

1. Gulani zinthu zoyenera.

Mapaipi a m'nyumba zambiri muno mu Harare ndi a 15 mm, opita ku mipopi, ndi a 22 mm, amene nthawi zambiri mumawapeza ku giza. Tengani kachidutswa ka paipi yanu popita kukagula ku msika wa Magaba kapena ku hadiweya ya kwanuko, mukayese fiting'i pomwepo. Iyenera kulowa mothina pang'ono. Ikamagwedera, isiyeni, chifukwa mpata ukakula solida sakokedwa, amangogwera mkati mwa paipi.

Solida wa madzi akumwa asakhale ndi mtovu. Funsani wa 97/3, kutanthauza magawo 97 a tini ndi magawo atatu a kopa. Amasungunuka kutentha kukafika cha m'ma 230°C. Wolembedwa 50/50 kapena 60/40 ali ndi mtovu weniweni. Amayamba kusungunuka pa 183°C, n'chifukwa chake ena amamukonda kuti savuta, koma mtovu umalowa m'madzi pang'onopang'ono ndipo umawononga ubongo wa ana. Kawaya kopyapyala ka anthu okonza mawailesi ndi mafoni nakonso si ka ntchito ino. Wogulitsa akakupatsani waya wopanda cholembedwa chilichonse, musagule.

Zina zofunika ndi fulakisi wa mapaipi, kaburashi kopakira, chodulira paipi cha kawilo, tupa, sanipepa wosalala kapena sitiliwulu, tochi ya gasi, nsanza ziwiri, ina youma ina yonyowa, kagalasi koonera kuseri, ndi kachidutswa ka lata kotchingira moto. Moto wa anthu owotcherera zitsulo, wa mabotolo awiri uja, ndi waukali kwambiri pa ntchito ino: umapsereza fulakisi musanaphethire.

2. Tsekani madzi, ndipo ngati ntchito ili pafupi ndi giza, yambani mwazimitsa magetsi ake.

Giza ikatsala yopanda madzi magetsi ali oyaka, elementi imapsa. Zimitsani pa bolodi ngakhale magetsi atapita, chifukwa amabwera osagogoda. Kenako tsekani valuvu ya pa mita, kapena ya pa thanki ndi pampu ngati mumamwa madzi a pachitsime chobowola. Tsegulani mpopi wapamwamba kwambiri m'nyumba ndi wapansi kwambiri, umene nthawi zambiri umakhala wa panja, kuti mpweya ulowe ndipo madzi atsike. Za madzi otsalira ndinena pa sitepe 6.

3. Dulani mowongoka, muchotse zotsalira za mkamwa mwa paipi.

Chodulira cha kawilo chimadula mowongoka ngati mukumanga pang'onopang'ono: zungulirani kamodzi, mangani pang'ono, zunguliraninso. Mukamanga kwambiri nthawi imodzi paipi imaphwatalala, makamaka mapaipi opyapyala a masiku anowa, ndipo yophwatalala siikhala bwino mu fiting'i. Ngati mukudula ndi sowo ya zitsulo, salazani ndi tupa. Kamlomo kakuthwa kamene kamatsala mkati kachotseni, chifukwa madzi akamadutsa pamenepo amachita kamvuluvulu kamene kamadya kopa m'kupita kwa zaka.

Yesani zonse musanapake kalikonse. Paipi ilowe mpaka igunde kamzere ka mkati mwa fiting'i, pafupifupi 11 mm pa paipi ya 15 mm ndi 15 mm pa ya 22 mm. Ngati mwadula yaifupi moti ikungolowa theka, musaikoke mokakamiza. Dulani ina.

4. Palani mpaka kopa awale.

Apa ndi pamene ambiri amachita changu. Palani kunja kwa paipi ndi sanipepa, kutalika kopitirira pang'ono pamene fiting'i ifike, mpaka pawale psuu kuzungulira konse. Onani kuseri ndi kagalasi ngati paipi ili kukhoma, chifukwa kumeneko n'kumene dzanja silifika ndipo n'kumene joini imadzadonthera. Mkati mwa fiting'i namonso palani, ngakhale itakhala yatsopano ya m'pepala. Kulungani sanipepa pa chala kapena pa pensulo, muzungulize. Kopa akakhalitsa pa mpweya amachita kachikutu kofiirira, ndipo solida samata pa kachikutu kameneko.

Musapale mpaka kudya paipi, mungakulitse mpata uja. Mukatha, pukutani fumbi ndi nsanza youma, ndipo musagwirenso ndi zala pamene mwapalapo. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimasiya malo amene solida amalambalala.

5. Pakani fulakisi wochepa.

Fulakisi ali ndi ntchito ziwiri: amadya kachikutu kotsalira, ndipo amatchinga mpweya kuti kopa asadenso pamene mukuwotcha. Si guluu ayi, ndipo sangalowe m'malo mwa sanipepa. Pakani ndi kaburashi mopyapyala kunja kwa paipi ndi pang'ono chabe mkati mwa fiting'i. Lowetsani paipi mpaka igunde, muipotoze pang'ono kuti fulakisi afalikire, kenako pukutani amene watulukira kunja. Mukamusiya, solida amamutsatira n'kumayenderera pa paipi m'malo molowa mkati. Wochuluka akagwera mkati mwa paipi ya madzi ozizira amakhala momwemo n'kumadya kopa mpaka kubowola kabowo ngati ka singano. Wotchani tsiku lomwelo, makamaka ola lisanathe. Joini yopakidwa fulakisi isagone.

6. Onetsetsani kuti mkati mwa paipi mulibe madzi ngakhale dontho.

Ambiri ophunzitsa amaphunzitsira pa tebulo, ndi paipi yatsopano youma, ndipo pamenepo aliyense amakhoza. Koma ntchito zimene inu mumakumana nazo ndi za paipi yakale ya m'khoma kapena ya mu siling'i, imene munali madzi m'mawa womwewo. Muno mu Harare, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, madzi amawira pa 95°C. Solida akufuna 230°C. Malinga ngati pansi pa paipi pali madzi, moto wanu wonse ukuthera kuwiritsa madziwo, ndipo kopa wa pamenepo sangafike pamene solida amasungunukira. N'chimodzimodzi ndi poto wa pamoto: sapsa mpaka madzi ataphwa.

Choopsa n'chakuti pamwamba pa joini pamatentha ndithu, solida n'kusungunuka, inu n'kuona ngati zatheka. Pansi ndiye pamakhala pasanagwire.

Ndikuuzeni za nyumba ina ku Highfield. Mayi ake a mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu anandiitana chifukwa elibo ya 15 mm ya kuseri kwa bafa inkadontha. Mnyamatayo anali atawotcha katatu, ndipo pa elibopo panali chibuluma cha solida ngati dzira la nkhunda, dontho likutuluka pansi pake pa masekondi khumi alionse. Anandiuza kuti, "Amalume, madzi a khonsolo anali atapita masiku atatu, mpopi unali gwa, ndiye ndinadziwa kuti paipi ndi youma." Nditadula elibo ija ndi kuisolola, ndinamuonetsa mkati mwake. Theka la pamwamba linali loyera ngati siliva, solida atagwira bwino. Theka la pansi linali lakuda bii, fulakisi atapserera, popanda solida ngakhale pang'ono. Nditaweramitsa paipi ija, munatuluka madzi odzaza kapu. Elibo imeneyo inali malo otsikitsitsa a paipi yonse, ndipo madzi otsalira a m'nyumba monse ankatsetserekera pomwepo. Mpopi ukauma sizitanthauza kuti paipi yauma.

Ndiye chitani izi. Mukadula paipi, ikokereni pansi pang'ono ngati ikulola, madzi atuluke. Tsegulani mipopi yonse, ndipo wina apemerere ndi pakamwa pa mpopi wapamwamba kuti akankhe otsalira. Ngati paipi yaimirira ndipo madzi ali m'munsi mwake, lowetsani kapaipi kapulasitiki kopyapyala, tsekani kumwamba kwake ndi chala, tulutsani, thirani pansi, bwerezani mpaka madzi atsike masentimita 15 kapena 20 kuchoka pa joini. Kenako dikirani mphindi zisanu, mulowetse kansalu kouma kokulunga pa waya. Kakatuluka konyowa, madzi akubwerabe, ndipo kawirikawiri ndi valuvu yakale ya pa mita imene siitseka n'kumaliza. Mukatero masulani nati ya pa mita ya mbali ya kunyumba, kapena siyani mpopi wa panja wotsegula, kuti odonthawo azitulukira kumeneko asanafike pa joini yanu.

Njira ya buledi imagwira ntchito ngati madzi akungodontha pang'onopang'ono. Tengani chapakati choyera cha buledi, osati khoko, muumbe kampira, mukakankhire ndi pensulo mkati mwa paipi kumbali kumene madzi akuchokera, masentimita 15 kapena kuposa. Kamagwira madzi kwa mphindi zochepa, choncho zonse zikhale zokonzeka musanakaike, ndipo pukutaninso mkamwa mwa paipi musanapake fulakisi. Mukatsegula madzi, bulediyo amasungunuka n'kutulukira pa mpopi wapafupi, koma yambani mwachotsa kasefa ka pa mlomo wa mpopiwo. Musaike buledi pa paipi yopita ku mavaluvu a giza kapena ku thanki ya chimbudzi, amakatseka timabowo ta mmenemo. Ndipo ngati madzi akukana kuleka, musalimbane nawo. Ikani fiting'i ya manati, ija yokhala ndi kamphete kofinya paipi, imene siifuna moto. Pamalo oonekera, ofikika ndi sipanala, imeneyo ndi ntchito yabwino ndithu.

Chomaliza pa sitepe ino: siyani mpopi umodzi wapafupi wotsegula pamene mukuwotcha. Mpweya ndi nthunzi za mkati zikatentha zimafuna potulukira, ndipo zikapeza kotseka konse zimabowola solida wosungunukayo, n'kusiya kanjira kosaoneka ndi maso. Joini yomaliza pa paipi yotseka mbali zonse ndi imene imachita zimenezi kawirikawiri.

7. Tenthetsani fiting'i, osati solida.

Musanayatse, yang'anani zimene zili kuseri kwa joini. Mu siling'i muli matabwa ouma, fumbi, zisa za mbalame, mawaya a magetsi, ndi pulasitiki wa pansi pa matailosi. Ikani lata kuseri, nyowetsani matabwa apafupi, ndipo chidebe cha madzi mukwere nacho, poti madzi mwatseka. Pansi pa denga la udzu ine sindiyatsa moto n'komwe: ndimawotchera pansi n'kukweza zolumikiza kale. Ngati pafupi pali mpopi kapena valuvu, chotsani washa wa labala kapena kulungani ndi nsanza yonyowa, ndipo joini yakale imene ili pafupi muikulungenso kuti isasungunuke.

Wongolani solida, mupinde kutsogolo kwake ngati mbedza. Muyeso wake ndi wosavuta ngati waya wanu ndi wa 3 mm: joini ya 15 mm imadya waya wotalika pafupifupi 15 mm, ya 22 mm imadya pafupifupi 22 mm. Mukapinda pa muyeso womwewo mudzadziwa polekera.

Lozetsani nsonga ya lawi la buluu pa paipi pafupi ndi fiting'i kwa masekondi ochepa, kenako musunthire pa fiting'i penipeni, mukuyendetsa lawilo uku ndi uku kuti kutentha kuzungulire. Fulakisi ayamba kuchita thovu ndi kulira kuti tsii. Akayamba kukhala chete, gusitsani solida pa mlomo wa joini, mbali imene kulibe lawi. Akapanda kusungunuka, mchotseni, tenthetsaninso pang'ono, yesaninso. Cholinga n'chakuti kopa ndiye asungunule solida. Mukamusungunula ndi lawi, amagwera pa kopa wozizira n'kuuma ngati phula la kandulo, ndipo ndi mmene chibuluma cha ku Highfield chija chinapangikira.

Nthawi ikakwana mudzaona solida akusanduka madzi onyezimira n'kuzimiririka kulowa m'joini ngati akumwedwa. Pamenepo bwezani lawi m'mbuyo, kapena mulilozetse kumunsi kwa fiting'i kumene paipi yathera, chifukwa solida amathamangira kotentha. Pa joini yogona yambirani pansi, mukwere mbali iyi, kenako mbali inayo, mumalizire pamwamba. Kamzere ka siliva kakazungulira mlomo wonse ndipo kadontho kamodzi kakalendewera pansi, basi lekani. Wowonjezera amangogwera mkati n'kuchepetsa njira ya madzi.

Pa 15 mm zonsezi zimatenga masekondi 20 kapena apo ndi tochi yabwino. Pa 22 mm, pa fiting'i ya burasi imene ndi yochindikala, kapena panja kukuwomba mphepo ya mu Julayi, zimatenga nthawi yotalikirapo. Ngati mwatentha kopitirira mphindi imodzi solida osasungunuka, kapena mukumva kulira ngati ketulo, muli madzi, bwererani ku sitepe 6. Ngati kopa wada bii, fulakisi wasanduka makala, ndipo solida akungogubuduka ngati timikanda osamata, mwapsereza. Pamenepo kuwonjezera moto kapena solida sikuthandiza. Zimitsani, dikirani izizire, masulani, palaninso.

Pa tii kapena elibo, konzani milomo yonse nthawi imodzi ndi kuiwotcha motsatizana, kuyambira wa m'munsi. Mukawotcha umodzi lero wina mawa, moto wachiwiri umasungunula woyamba.

8. Isiyeni izizire yokha.

Musaigwedeze, musaithire madzi. Solida akamauma amasintha kuchoka pa kunyezimira n'kuyamba kuoneka mbuu, ndipo mukasuntha paipi nthawi imeneyo mumang'amba mkati. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako pukutani ndi nsanza yonyowa kuchotsa fulakisi yense wotsalira. Zobiriwira zimene mumaziona pa majoini akale ndi fulakisi amene sanapukutidwe, akudya paipi. Tengani kagalasi muone kuseri. Pakakhala kampata kakuda pamene siliva sanafike, joini imeneyo idontha, kaya lero kaya mwezi wamawa.

9. Yesani ndi madzi musanatseke khoma kapena siling'i.

Tsegulani valuvu pang'onopang'ono mipopi ili yotsegula, mpweya utuluke, madzi ayende mphindi zingapo kutsuka fulakisi wa mkati. Kenako tsekani mipopi yonse kuti mphamvu ya madzi ikwere. Pukutani joini iume, muikulunge ndi tishu, mudikire theka la ola. Tishu amaonetsa chinyezi chimene diso ndi chala sizingachione. Giza muiyatse pokhapokha mpopi wa madzi otentha ukutulutsa madzi osadukiza, ndipo joini ya madzi otentha muionenso mawa lake itatenthapo ndi kuzizira.

Vuto la kuno n'lakuti tsiku limene mwagwira ntchito madzi a khonsolo akhoza kukhala kulibe. Ngati muli ndi thanki ndi pampu, yesani ndi pampuyo. Madzi ongotsika okha kuchokera pa thanki ya pa sitandi ya mamita asanu ali ndi mphamvu yochepa, pafupifupi theka la baa imodzi pa muyeso wa mphamvu ya madzi, ndipo joini yofooka ikhoza kupirira zimenezo koma n'kudzalephera a khonsolo akabwera. Amakonda kubwera usiku, ndi mpweya wogunda m'mapaipi. Choncho ngati simunayese, gonani valuvu ya pa mita ili yotseka, mudzatsegule nokha masana muli maso pa joini. Pulasitala adikire.

10. Ikadontha, masulani.

Joini imene mwalowa kale madzi siikonzeka popaka solida pamwamba, chifukwa m'kanjira kodonthako muli chinyezi ndi litsiro, ndipo fulakisi sangafikemo. Khetsaninso madzi. Tenthetsani fiting'i mpaka solida asungunuke, muisolole ndi pulayala mukuipotoza, ndipo paipi idakali yotentha ipukuteni msanga ndi nsanza youma yochindikala ya thonje, osati ya nayiloni. Patsala kachikutu kopyapyala ka siliva, ndipo kameneko n'kabwino, solida watsopano amagwira msanga pamenepo. Salazani ndi sanipepa mpaka fiting'i yatsopano ilowe n'kugunda, ndipo pamene pali pakuda palani mpaka kopa aoneke. Fiting'i yakaleyo itayeni, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi siling'i yonyowa.

Ku Highfield kuja paipi inali itapsa kwambiri ndi moto wa katatu uja moti inali itafewa ndi kupindika, ndiye tinadula masentimita 10 mbali iliyonse, n'kuika tizidutswa tiwiri tatsopano, masoketi awiri ndi elibo imodzi. Elibo ndi tizidutswa take tinawotchera pansi pa njerwa, pouma ndi poonekera mbali zonse, kuti kukhoma kutsale masoketi awiri okha. Tinamasula nati ya pa mita, mng'ono wake wa mnyamata uja anapemerera pa mpopi wa m'khitchini mpaka madzi analeka kutuluka, ndipo kansalu ka pa waya kanatuluka kouma kachiwiri. Tochi anagwira ndi mnyamata yemwe uja, ine nditagwira kagalasi kuseri. Soketi iliyonse inamwa solida wake m'masekondi osakwana 20, ndipo madzi atabwera Loweruka tishu anakhala wouma mpaka madzulo.